Kuyankha chipongwe pavidiyo popanda kukoleza moto

Achemwali anga amajambula mavidiyo afupiafupi ophunzitsa kasungidwe ka ndiwo zamasamba. Tsiku lina anaika vidiyo yoonetsa kafutsidwe ka nkhwani, ndipo pofika madzulo pansi pake panali komenti ya munthu amene sitimudziwa. Sindilemba mawu ake onse. Anatchula mtundu wathu n'kunena kuti tonse ndife auve, ananyoza thupi la achemwali powafanizira ndi nyama, kenako anamaliza ndi kunena kuti, "Taonani madzi akudawo, ndiye mukudyetsa anthu zimenezo?" Nditafika ndinawapeza atajambula kale yankho, chala chili pafupi kudina kuti lipite. Manja awo ankanjenjemera.

Ndikufuna kufotokoza zimene zimachitika pakati pa nthawi yowerenga chipongwe ndi nthawi yotumiza vidiyo yoyankha, chifukwa mkangano umakulira pamenepo kapena kuzimira pomwepo. Ambiri timaganiza kuti kuyankha mofatsa ndi nkhani yotsitsa mawu basi. Kutsitsa mawu ndi kagawo kakang'ono. Chachikulu n'kudziwa amene ukulankhula naye. Ukayankha pavidiyo, wotukwana uja ndi mmodzi yekha mwa anthu mazana kapena masauzande amene aonere, ndipo amene angakulitse mkangano kwambiri nthawi zambiri ndi anthu ako omwe, amene amakukonda.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. TikTok inayambitsa njira yoyankha komenti ndi vidiyo mu 2020, Instagram inatsatira kumapeto kwa 2021, ndipo YouTube nayonso ili ndi njira yofanana pa mavidiyo ake afupiafupi. Pa TikTok umadina `Reply` pansi pa komentiyo, kenako kachizindikiro ka kamera. Komenti ija imamatika pavidiyo yako yatsopano ngati kachikwangwani, pamodzi ndi dzina la mwiniwake. Taganizirani tanthauzo lake. Chipongwe chija chinali pansi penipeni, pakati pa makomenti ena makumi asanu, ndipo mwina anthu ochiwerenga sanakwane khumi. Ukachiyankha ndi vidiyo, wachichotsa kuseri n'kuchipachika pamsika, dzina la wochilemba lili poyera, ndipo wadziitanira wekha anthu kuti abwere adzaone. Aliyense wokukonda akhoza kudina dzinalo, kulowa patsamba la munthuyo, n'kuyamba kumutukwana iyeyo, mkazi wake, ngakhale zithunzi za ana ake. Iwe unalankhula mofatsa, koma anthu ako amuunjikira. Iyenso aitana anzake, ndipo pofika mawa palibe amene akukumbukira za mfutso.

Choncho funso loyamba si lakuti ndinene chiyani, koma lakuti kodi komenti imeneyi ikuyenera vidiyo? Njira imene ndimaikhulupirira ndi yopeta komentiyo ngati chimanga chokonola, kuti gaga apite kwake, mphale itsale. Mu komenti ya achemwali munali zinthu zitatu: kunyoza mtundu, kunyoza thupi, ndi mfundo yakuti madzi ndi akuda. Ziwiri zoyambazo ndi gaga. Palibe umboni umene ungabweretse kuti munthu asiye kuda mtundu wako usiku umodzi, ndipo ukayamba kuteteza thupi lako pakamera wavomera kuti thupi lako ndi nkhani yoti anthu akambirane. Yachitatuyo ndi mphale, chifukwa munthu wamtima wabwino amene sanafutsepo masamba akhozadi kuona madzi obiriwira moderapo m'poto n'kukayikira. Funso limenelo lili ndi yankho looneka ndi maso.

Ukapeta n'kupeza kuti palibe mphale ngakhale imodzi, vidiyo siyofunika. Pali zida zina zogwirira ntchito imeneyo mwakachetechete. Pa Facebook, ukadina `Hide` komentiyo imaoneka kwa mwiniwake ndi anzake okha, ndiye sazindikira msanga kuti yabisidwa ndipo alibe chomupsetsa mtima. Instagram ili ndi `Restrict`, imene imachititsa kuti makomenti atsopano a munthuyo azioneka kwa iye yekha pokhapokha iwe utawavomereza. YouTube ili ndi `Hide user from channel`. Kubisa kotere nthawi zambiri kumazimitsa nkhani bwino kuposa `Block`, pakuti woblokedwa amazindikira msanga ndipo ena amatsegula akaunti ina n'kubwerera ndi ukali woposa. Akulu amati wamisala akakutengera zovala ukusamba, usamuthamangitse uli maliseche, chifukwa oonerera sadziwa wamisala ndi uti.

Pali mtundu wina wa komenti umene suyankhidwa n'komwe, kaya ndi vidiyo kaya ndi mawu olemba: woopseza. Munthu akanena kuti akudziwa kumene umakhala, akatchula sukulu ya mwana wako, kapena akanena kuti akuvulaza, jambula sikirinishoti yoonetsa dzina lake, mawu ake ndi tsiku, usanafufute kalikonse. Kenako dina `Report` ndipo ukadziwitse apolisi. Kuno ku Malawi lamulo la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Lamulo lomwelo likukhudzanso iwe woyankha. Ukabwezera ndi mawu oopseza pavidiyo yako, wadzipangira umboni wokutsutsa, wokhala ndi nkhope yako ndi mawu ako.

Tsopano tibwerere kwa achemwali ndi manja awo onjenjemera. Chimene ndinawapempha n'chakuti asatumize kufikira mawa. Si nkhani ya ulemu chabe, ndi nkhani ya thupi. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, John Gottman, amene wakhala zaka zambiri akufufuza mikangano ya m'mabanja, anapeza kuti mtima wa munthu ukamagunda kupitirira pafupifupi ka 100 pamphindi chifukwa cha mkwiyo, munthuyo samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Ukhoza kudziyeza wekha: gwira mtsempha wapadzanja, werenga kugunda kwake kwa masekondi 15. Kukaposa 25 uli chikhalire, ika foni pansi. Koma mphindi 20 zimenezo zimathandiza pokhapokha wachokadi pankhaniyo. Ukakhala pampando n'kumawerenga komentiyo mobwerezabwereza, kapena kumaitumiza ku magulu a WhatsApp kuti anzako akuthandize kukwiya, mtima sutsika. Pavidiyo ndimaona kuti kugona kaye usiku umodzi n'kwabwino koposa, chifukwa kamera imagwira zinthu zimene mawu olemba amabisa: maso ofiira, kupuma mwabefu, mlomo wokwinyika.

M'mawa tinaonera limodzi vidiyo yawo yoyamba yoyankha ija. Inali yaitali mphindi zinayi. Anayamba ndi kuwerenga komenti yonse mokweza, mawu ndi mawu, akutsanzira kalankhulidwe ka munthu wopusa. Kenako anafunsa kuti, "Iweyo ndiwe ndani? Unayamba waphikapo chiyani?" Mkwiyo wawo unali woyenera, ndipo ine sindinawadzudzule. Koma vidiyo imeneyo ikanabwereza chipongwe chonyoza mtundu wathu kwa aliyense woonera, kuphatikizapo ana a mtundu womwewo amene amatsatira tsamba lawo. Komanso funso lililonse lolunjika kwa wotukwana ndi chiitano chakuti abwerenso. Ukamufunsa kuti ndiwe ndani, ayankha, ndipo sayankha mwaulemu.

Vidiyo yachiwiri ndi imene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndiyo imanyenga anthu ambiri abwino. Achemwali anamwetulira, anatsitsa mawu, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri bambo chifukwa choonera vidiyo yanga mpaka kumapeto. Ndikuona kuti moyo ukukuvutani. Ndikupemphererani kuti Mulungu akuchiritseni." Pongomva, palibe mawu otukwana ngakhale amodzi. Iwo eni ankakhulupirira kuti afatsa. Koma tamvetserani zimene mawu amenewo akuuza munthuyo pamaso pa gulu: ndiwe wodwala, ndiwe wolephera, ine ndili pamwamba pako. Pemphero loperekedwa motero limasanduka ndodo. Anthu oonera amamva bwino lomwe, n'chifukwa chake pansi pa mavidiyo otere mumadzaza mawu akuti "mwamuphika", "mwamumaliza", "aziona". Munthu wochititsidwa manyazi pagulu sakhala chete. Amabwerera kudzapulumutsa nkhope yake, ndipo ulendo uno amabwera atakonzeka.

Pali njira yosavuta yogwirira kufatsa kwabodza kumeneku. Onera vidiyo yako utazimitsa mawu. Ukaona chikope chikukwera, mutu ukupendekeka, kumwetulira kwa mbali imodzi ya pakamwa, kapena chala chikuloza kamera, dziwa kuti nkhope ikumenya nkhondo imene pakamwa pakukana. Kenako imvetsere usakuyang'ana, ndipo uwerenge kangati wanena "iwe" kapena "inu" polozera wotukwanayo. Mu vidiyo yachiwiri ya achemwali, chiganizo chilichonse chinali cha iyeyo. Za nkhwani munalibe.

Kafukufuku wina amagwirizana ndi zimenezi, ngakhale ndiyenera kunena malire ake. Mu 2021 gulu la ofufuza a ku Zurich m'dziko la Switzerland, lotsogozedwa ndi Dominik Hangartner, linafalitsa zotsatira za kuyesa kwawo pa anthu 1,350 amene analemba pa Twitter mawu achidani onyoza anthu obwera kuchokera kumaiko ena. Ena anawayankha ndi nthabwala, ena ndi chenjezo lakuti abale awo ndi anzawo akhoza kuona zimene alemba, ena ndi mawu owakumbutsa kuti zolemba zawozo zimapweteka anthu enieni, ndipo ena sanawayankhe. Mayankho okumbutsa za ululu wa munthu ndi okhawo amene anaonetsa kusintha kodalirika: ena anafufuta zimene analemba, ndipo mawu achidani anachepa m'masabata anayi otsatira. Nthabwala ndi chenjezo sizinaonetse phindu lodalirika. Kusinthako kunali kochepa, ndipo awa anali mauthenga olemba m'Chingerezi, osati mavidiyo. Phunziro limene ndimatengapo ndi lodzichepetsa: usayembekezere kutembenuza mtima wa wotukwana, koma ngati unena kanthu za chipongwecho, kunena poyera kuti chinapweteka kumathandiza kuposa kumuseka kapena kumuopseza.

Vidiyo yachitatu tinaikonza motere. Choyamba, sitinagwiritse ntchito `Reply` wa kamera uja, kuti dzina la munthuyo lisamatike pavidiyo. Achemwali anajambula vidiyo yatsopano payokha, ndipo komenti yoyambayo tinaisunga pasikirinishoti kenako n'kuichotsa, kuti ofufuza asapeze poyambira. Ena amakonda kuonetsa sikirinishoti atafufuta dzina ndi chithunzi. Zimatheka, koma samalani: komenti yeniyeniyo ikadali pansi pa vidiyo yakale, anthu amaisaka n'kuipeza m'mphindi zochepa, ndiye kubisa dzinako sikunathandize kanthu.

Chachiwiri, tinalemba mawu papepala asanayatse kamera, kuti pakamwa pasathawe. Anali awa: "Dzulo wina anafunsa chifukwa chake madzi a m'poto wanga anali akuda. Anafunsa mopweteka, ndipo mawu ena amene ananena onyoza mtundu wa anthu sindiwabwereza, chifukwa pano timaonera ndi ana. Koma funso la madzi ndi labwino, tiyeni ndikuonetseni." Kuchokera apo kamera inachoka pankhope yawo n'kupita pa poto. Anatunga madzi oyera m'ndowa n'kuwaonetsa m'kapu yagalasi. Anawaika pamoto mpaka kuwira, anathiramo nkhwani wosadzula ndi wotsuka kale, ndipo patapita mphindi zochepa anatunganso madzi a m'potomo m'kapu yomweyo. Anali obiriwira moderapo. "Mwaona? Ndi masamba amene asintha mtundu wa madzi, si dothi. Tikatero timatsanula n'kuyanika pamphasa yoyera, pamalo okwera pomwe nkhuku sizifika." Anamaliza ndi chiganizo chimodzi cholunjika kwa owatsatira: "Chonde musamusake munthuyu ndipo musamutukwane m'dzina langa, ngati muli ndi funso la mfutso, lembani pansipa." Vidiyo yonse inali ya masekondi 50.

Taonani mmene nthawi inagawidwira. Chipongwe chinatenga masekondi osakwana khumi, ndipo ena onse anapita ku nkhwani. Kagawidwe kameneka ndi kamene kamauza oonera kuti nkhani yaikulu ndi iti. Ukapereka mphindi zitatu kwa wotukwana ndi theka la mphindi kwa ntchito yako, wawauza kuti iyeyo ndiye mwini bwalo. Taonaninso kuti achemwali sananamizire kuti sizinawapweteke. Ananena kamodzi, m'mawu ochepa, osalira ndiponso osaseka. Anaikanso malire: mawu onyoza mtundu sabwerezedwa patsamba lawo. Kufatsa sikutanthauza kuvomereza chipongwe kapena kupepesa pa mlandu umene sunapalamule. Ndimamva chisoni ndikaona atsikana akuyamba vidiyo ndi "pepani ngati ndinakukhumudwitsani" kwa munthu amene wawatukwanira makolo. Kupepesa kotere kumaphunzitsa wotukwana kuti njira yake imagwira ntchito.

Mawu akuti "wina anafunsa" tinawasankha dala. Amamusiyira munthuyo khomo lotulukira. Palibe amene wamutchula, ndiye akhoza kungokhala chete popanda kuoneka wogonja. Amene wapanikizidwa pakona, dzina lake lili pasikirini, alibe mwayi umenewo. Ndipo ngati mfundo ya wotukwanayo ili yoona, vomera mbali yoonayo mosazungulira. Madzi aja akanakhaladi akuda, yankho loyenera likanakhala lakuti, "Pa madzi paja ananena zoona, ndakonza motere," kenako n'kuonetsa. Anthu amakhulupirira munthu wovomera cholakwa chooneka ndi maso kuposa wokana, ndipo wotukwanayo amatsala ndi gaga yekha m'manja.

Zinthu zing'onozing'ono za kajambulidwe nazonso zimalankhula. Foni yogwira m'manja pafupi ndi nkhope imakulitsa maso ndi pakamwa, ndipo woonera amamva ngati ukumukalipira. Itsamiritse penapake pa msinkhu wa maso, ukhale pansi, manja akhale ndi ntchito. Usaike nyimbo yachipongwe kumbuyo, kapena mawu olembedwa pamwamba onga akuti "kuyankha adani anga", chifukwa mutu wotere umafafaniza kufatsa konse kwa m'kati. Komanso yankho lotere lisachitike pa `LIVE`. Pamenepo sungajambulenso kachiwiri, ndipo makomenti othamanga pasikirini amakukoka kuti unene zimene sunakonzekere.

Ntchito siithera pa kutumiza. Ola loyamba ndi limene limaumba khalidwe la makomenti onse otsatira, chifukwa obwera pambuyo amatengera zimene apeza. Achemwali anatumiza vidiyo yawo masana, pa nthawi imene anali ndi bandulo ndi mpata wokhala pafupi ndi foni, osati usiku popita kukagona. Analemba komenti yawoyawo yobwereza pempho lija lakuti munthuyo asasakidwe. Kenako panabwera gawo lovuta koposa: kuchotsa makomenti a anthu owateteza. Mayi wina, wowakonda kwambiri, analemba mawu onyoza mtundu umene ankaganiza kuti wotukwanayo ndi wake. Achemwali anazengereza, akuti, "Koma akunditeteza." Ndinawauza kuti akasiya komenti imeneyo, aliyense wa mtundu winawo amene amaonera mavidiyo awo aona kuti chidani n'choletsedwa pokhapokha chikalunjika kwa eni tsamba. Anaichotsa, n'kuwalembera mayiwo kumbali kuwathokoza ndi kuwafotokozera chifukwa chake. TikTok, YouTube ndi Instagram zonse zili ndi malo olembamo mawu amene sukufuna kuti azioneka m'makomenti. Kuno kwathu ndi bwino kulembamo wekha mawu otukwana a Chichewa, pamodzi ndi kalembedwe kake kosiyanasiyana, pakuti zosefera za makampaniwa zimaphonya zambiri zolembedwa m'zilankhulo zathu.

Ungadziwe bwanji kuti yankho lako lagwira ntchito? Osati ndi kuchuluka kwa oonera. Vidiyo ya mkangano nthawi zambiri imaonedwa kwambiri kuposa ya phunziro, ndipo pamenepo pali msampha: ukaona manambala akukwera, mtima umafuna wotukwana wina woti umuyankhe, mpaka tsamba la ndiwo limasanduka bwalo la milandu. Muyeso wabwino ndi kuwerenga makomenti khumi oyambirira n'kuona kuti akukamba za chiyani. Akamakamba za munthu uja, kufunsa dzina lake, kulumbira kuti amupeza, moto ukadali kuyaka ngakhale iwe unalankhula ngati m'busa, ndipo ndi bwino kutseka makomenti pavidiyo imeneyo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Akamakamba za ntchito yako, nkhani yabwerera kwawo. Pansi pa vidiyo ya achemwali, ambiri ankafunsa ngati chisoso ndi khwanya amafutsidwa chimodzimodzi, ndipo wina anafunsa kuti mfutso umasungidwa bwanji kuti usachite nkhungu nthawi ya dzinja.

Munthu uja anabweranso patapita masiku awiri. Analemba chiganizo chimodzi chachipongwe, chopanda funso lililonse m'kati mwake. Apa lamulo limene tinagwirizana linali lakuti yankho ndi limodzi basi. Vidiyo yachiwiri yoyankha munthu yemweyo imasandutsa nkhani kukhala sewero la magawo, ndipo oonera amayamba kudikira gawo lachitatu. Achemwali anajambula sikirinishoti, anaisunga pamodzi ndi yoyamba ija kuti mwina tsiku lina idzafunika, anachotsa komentiyo n'kumutsekera munthuyo kunja. Madzulo ake anajambula vidiyo yoyankha funso la nkhungu lija, akuonetsa kufikisa mfutso m'manja kuti umve ngati wauma mpaka kuthetheka usanauike m'chikwatu.